Batala wa pakhomo: tikhutchumule chambiko chonse kapena tiwengule kirimu?

Amene amaweta ng'ombe za mkaka ku Lusangazi, ku Doroba kapena ku Kavuzi amaudziwa bwino mutu umene mkaka wa madzulo umabweretsa. Wa m'mawa umapita ku gulu la alimi a mkaka kapena umakwera njinga kulowa m'tauni, koma wa madzulo nthawi zina umagona pakhomo, ndipo pofika m'mawa wayamba kale kusasa. Palinso mabanja a mu mzinda wa Mzuzu, ku Katoto, ku Luwinga kapena ku Chibavi, amene amagula malita 2 tsiku lililonse kwa mlimi wobwera ndi chigubu pa njinga, n'kumataya kachikopa kamene kamayala pamwamba mkaka ukaphitsidwa. Onsewa ali ndi batala m'manja mwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti njira imene ingamuyenere wa ku khola si imene ingamuyenere wa m'tauni.

Ndiyambe ndi masamu, chifukwa ambiri amakhumudwa akaona kuchepa kwa batala. Mkaka wa ng'ombe za Fulizhani, zakuda ndi zoyera zija, umakhala ndi mafuta pafupifupi magalamu 35 pa lita, wa Jeze umafika cha m'ma 50, ndipo wa ng'ombe zathu zamalinunda nawonso ndi wonona ngakhale umatuluka wochepa. Titenge malita 10 a mkaka wapakatikati, wa magalamu 40 pa lita. M'menemo muli mafuta okwana magalamu 400. Batala si mafuta okhaokha: pa magawo 100 alionse, pafupifupi 80 mpaka 82 ndi mafuta, otsalawo ndi madzi ndi timkaka pang'ono. Ndiye mutati mwatola mafuta onse osatayako ngakhale dontho, malita 10 angakupatseni batala wosapitirira theka la kilo. Palibe njira ya pakhomo imene imatola onse. Chotsala ndi malita 9 kapena kuposerapo a mkaka wochotsedwa mafuta, ndipo kwa ine pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Musanasankhe njira, dzifunseni zinthu ziwiri: kodi muli ndi poziziritsira, nanga malita 9 otsalawo mukufuna akhale osasa kapena osasasa?

Mkaka wa m'mapaketi wa m'sitolo, makamaka wokhalitsa uja, tiuchotseretu pa nkhaniyi. Ku fakitale amaudutsitsa m'makina ophwanya timafuta kuti tisamayandame, choncho ngakhale mutaukhutchumula tsiku lonse simupezamo kanthu. Pakufunika mkaka wochokera ku khola. Usakhale wa ng'ombe imene yangobereka kumene, wa ng'ombe yotupa bere, kapena wa ng'ombe imene yabayidwa mankhwala ndipo masiku amene alangizi a ziweto ananena sanakwane. Wa mankhwalawu nthawi zina umadziulula wokha, chifukwa mukathiramo chambiko cha dzulo sugwirana bwino, mankhwala aja amapha tizilombo tosasitsa.

Kukhutchumula chambiko chonse

Iyi ndi njira ya makolo m'madera ambiri oweta ng'ombe mu Africa muno, ndipo ndi imene ndingauze mlimi wopanda furiji kuti ayambire. Simulekanitsa kalikonse. Mkaka wonse umasanduka chambiko, chambikocho n'kuchikhutchumula mpaka mafuta atatuluka.

Yambani ndi kuphitsa mkaka ukangokamidwa ndi kusefedwa. Ndikudziwa kuti ambiri amati chambiko chokoma ndi cha mkaka wosaphitsa, wongosasa wokha mu mphika. Koma mkaka wauwisi umatha kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe komanso matenda opolozetsa ng'ombe aja, amene kwa munthu amabwera ngati malungo osamva mankhwala, ndipo kusasa sikupha tizilombo timeneti tonse. Batala timapaka pa buledi osaphika, ana n'kudya. Uphitseni, ukangofuna kusefukira muphule, muvundikire, uzizire mpaka chala chotsuka bwino chisamamvenso kufunda kwenikweni. Mukatero thiranimo chambiko chabwino cha dzulo, masupuni aakulu 2 kapena 3 pa lita iliyonse, kutanthauza pafupifupi makapu 2 pa malita 10. Takasani, vundikirani, siyani.

M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala chimakhala chagwirana pofika mawa lake. Mu Juni ndi Julaye, pamene Mzuzu imadzuka ndi nkhungu ndipo usiku kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, chimatha kutenga masiku 2, pokhapokha mutakulunga ndowayo ndi bulangete n'kuiika m'khitchini momwe mumakoleza moto. Chizindikiro chakuti chapsa ndi chakuti mukapendeketsa ndowa chimasuntha chonse pamodzi, chikununkhira kusasa koyera, ndipo madzi achikasu sanayambe kudzipatula kwambiri. Chikapitirira pamenepo n'kuyamba kutulutsa madzi ambiri, mibulu yake imauma ndipo imatsekera mafuta m'kati, batala n'kuchepa.

Tsopano chigubu. Cha malita 20 chimakwanira bwino malita 10, chifukwa chiwiya chokhutchumulira sichiyenera kudzaza kupitirira theka. Mkaka umafunika malo oti uziwomba khoma lina n'kubwerera. Chigubucho chikhale cha chakudya chokhachokha, ngati chija munali mafuta ophikira, chotsukidwa ndi madzi otentha mpaka fungo litatheratu. Chimene munali palafini, petulo kapena mankhwala a m'munda musachiyerekeze n'komwe, mafuta amakoka fungo lililonse. Mangani chingwe pa chogwirira, muchipachike pa mtanda wa khonde kapena pa nthambi ya mtengo, chizilendewera molingana ndi mawondo a munthu wokhala pa mpando, ndipo muzichikankha ndi kuchikoka mwamphamvu kuti muzimva mkaka ukuwomba. M'mphindi zoyambirira tsegulani chitsekero kangapo kuti mpweya utuluke, chifukwa chambiko chimatulutsa mpweya ndipo chigubu chimafufuma.

Ntchitoyi ndi yaitali, kuyambira mphindi 45 kufika maola 2, ndipo nthawi zambiri chimene chimautalikitsa ndi kutentha kapena kuzizira kwa chambikocho. Chimafunika kukhala pa madigiri pafupifupi 16 mpaka 18. Apa Mzuzu ili ndi mwayi umene anzathu a ku Nkhata Bay kapena ku Karonga alibe: kwa miyezi yambiri, m'mamawa dzuwa lisanakwere, chambiko chogona m'nyumba chimakhala kale pafupi ndi pamenepo. M'nyengo yotentha khutchumulani m'bandakucha, chigubu chitagona usiku m'beseni la madzi. M'chisanu cha Julaye dikirani dzuwa liwombe kaye, kapena muimike chigubu m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi zochepa.

Khutu ndi limene limakuuzani kuti zatheka. Poyamba phokoso limakhala lolemera, lofatsa, chifukwa m'kati mwadzaza thovu. Kenako limasintha, mumamva madzi akuthovoka momasuka. Mukatsegula mupeza timibulu tachikasu tikuyandama, ndipo pakhoma la chigubu payera, sipakumatanso. Timibulu tikafika kukula ngati njere za mapira, thiranimo makapu 2 a madzi ozizira, ophitsa kale, mukankhenso pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti tigwirane, ndiye musefe pa nsalu yoyera yoyala pa sefa.

Pa malita 10 aja yembekezani batala wa magalamu 330 mpaka 380. Mafuta ena amatsalira mu mkaka, koma sanatayike, chifukwa chotsalacho ndi malita oposa 9 a chambiko chopepuka, chosalala, chomweka tsiku lomwelo ndipo chosachedwa kupeza wogula. Kuipa kwa njirayi ndi thukuta, ndiponso batala wake amakhala ndi kafungo ka chambiko kamene ena amakakonda pomwe ena, makamaka ana ozolowera majarini, amakakana.

Kuwengula kirimu wa mkaka wokhazikika

Mkaka wauwisi ukakhala osagwedezeka, mafuta amakwera okha pamwamba. Mumauthira m'mbale zotakata, zosazama, muvundikire ndi nsalu, musiye maola 12 mpaka 24 pamalo ozizira, kenako muwengule wa pamwambayo ndi chipande kapena supuni yaikulu. Malita 10 amapereka kirimu pakati pa lita imodzi ndi lita ndi theka, kutengera dzanja la wowengula. Kirimuyo amalowa m'botolo limodzi lalikulu, ndipo munthu mmodzi amakhutchumula atakhala pansi kwa mphindi 15 mpaka 30 zokha. Ubwino wake waukulu ndi umenewu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu pa njirayi. Choyamba, mkaka wophitsa sukwezanso kirimu bwino ngati wauwisi, chifukwa moto umawononga zinthu zina za mu mkaka zimene zimathandiza timafuta kumatirirana pokwera. Choncho apa dongosolo limatembenuka: mumawengula kaye, kuphitsa pambuyo. Kirimu mumamuika mu poto waung'ono, potoyo m'kati mwa poto wina wa madzi owira kuti asapserere, mpaka atayamba kutulutsa nthunzi ndi tithovu m'mbali, cha pa madigiri 85. Mkaka wowengulidwawo nawonso muuphitse nthawi yomweyo.

Chachiwiri, kirimu amene watenthetsedwa sakhutchumulidwa akangozizira. Mafuta ake asungunuka, ndipo amafunika kugona pozizira usiku wonse kuti alimbenso m'kati mwa timibulu tawo. Mukafulumira, batala amatuluka wofewa ngati phala, wovuta kutsuka, ndipo mafuta ambiri amatsalira m'madzi ake. Pokhutchumula, kirimu akhale wozizirirapo kuposa chambiko, madigiri 10 mpaka 15.

Ndiye mukuona kuti njirayi imadalira kuzizira kawiri. Amene ali ndi furiji alibe vuto, bola magetsi asathime nthawi yaitali. Amene alibe angaichite bwino kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ataimika mbale m'madzi ozizira pansi pa simenti. Mu Okutobala mkaka wauwisi sungathe maola 12 panja, umasasa mafuta asanakwere onse, ndipo mumaluza mbali zonse ziwiri. Batala amatuluka magalamu 300 mpaka 350, wocheperako pang'ono kuposa wa chigubu, koma wofatsa kukoma, wofanana ndi wa m'sitolo. Chotsala chimagawika pawiri: malita 8 ndi theka mpaka 9 a mkaka wowengula wosasasa, woti n'kuthira mu tiyi kapena m'phala, ndi mkaka wotsalira m'botolo wokwana pafupifupi lita imodzi.

Mungathenso kumusasitsa kirimuyo musanakhutchumule. Akazizira pambuyo potenthetsa, thirani masupuni 2 a chambiko pa lita, akhale panja mpaka atalimba, kenako agone pozizira. Wosasa amatuluka batala msanga kuposa wosasasa, ndipo kwa ine ndi amene amakoma koposa pa mbatata yootcha kapena pa chinangwa chophika.

Kachikopa ka mkaka wophitsa

Njirayi ndi ya banja la m'tauni, ndipo m'makomo a Amwenye ndi yachizolowezi. Mkaka umene mwagula lero muuphitse monga mwa nthawi zonse, koma ukawira muchepetse moto ukhale mphindi zingapo, muuphule, uzizire osavundikira kwenikweni, ndiye muulowetse mu furiji ndi poto yemweyo osautakasa. M'mawa mupeza pamwamba payala chikopa chochindikala. Chichotseni ndi supuni, muike m'kontena yotseka bwino kumalo oundanitsa a furiji, ndipo muzionjezera tsiku ndi tsiku. Pakatha sabata kapena masiku 10, tulutsani, zisungunuke, muthiremo supuni 2 za chambiko, zigone panja usiku umodzi, muziziritse, mupukuse.

Simunagule china chilichonse ndipo mkaka wa tiyi sunachepe. Koma chikopachi si mafuta okha, muli zomangathupi za mkaka zouma ndi moto, choncho batala wake sakhala wosalala ngati wa njira zinazo ndipo sakhalitsa. Ine ndingati batala wotereyu musavutike naye pa buledi, mumusungunule akhale mafuta ophikira monga ndifotokozere kutsogoloku. Ngati kontena ikukhala m'munsi mwa furiji osati moundanitsa, musapitirire masiku 3 kapena 4, kirimu wokhalitsa amayamba kuwawa ndipo kuwawako kumalowa mu batala.

Makina olekanitsa kirimu

Alipo makina opukusa ndi dzanja amene amazungulitsa mkaka mwaliwiro, kirimu n'kutulukira pa mpopi wina, mkaka wopanda mafuta pa mpopi winanso. Amafuna mkaka wofunda, wongokamidwa kumene, cha pa madigiri 35 mpaka 40, ndipo amatola pafupifupi mafuta onse. Malita 10 amapereka kirimu wolimba wokwana lita imodzi ndi batala wa magalamu 450 kapena kuposerapo pang'ono. Kunena kwina, kilo imodzi ya batala imafuna malita 21 kapena 22 m'malo mwa malita 26 mpaka 33 a njira zamanja. Koma makinawa ndi okwera mtengo, ali ndi timbale tambiri m'kati tofunika kumasula ndi kutsuka nthawi iliyonse, ndipo mkaka wotsala umakhala wamadzimadzi moti ogula amaudandaula. Kwa mlimi wa ng'ombe imodzi kapena ziwiri n'kutaya ndalama. Ndi a gulu la alimi limene lapeza kale msika wa batala komanso kopita mkaka wotsalawo.

Botolo, chopukusira kapena bulenda

Pa kirimu wochepa, botolo la kukamwa kwakukulu ndi lokwanira, lodzaza gawo limodzi mwa magawo atatu. La kukamwa kwakung'ono limavuta potulutsa batala, mumakakamizika kulidula. Kamtengo kopukusira kaja kamagwira bwino ntchito mu mphika kapena m'ndowa yaing'ono, ndipo kali ndi ubwino wakuti mumaona ndi maso zimene zikuchitika. Bulenda kapena makina opondera keke amamaliza m'mphindi 5 mpaka 10, koma samalani nawo. Amafunditsa kirimu, ndipo mukawasiya kuthamanga batala atatuluka kale, amamuphwanyanso n'kumusakaniza ndi madzi ake, n'kukhala chinthu choyera chonata chimene sichitsukika. Mukangoona madzi adzipatula, zimitsani.

Kutsuka ndi kufinya

Njira iliyonse imene mwasankha imathera pano, ndipo batala wambiri wa pakhomo amawonongekera pano. Mkaka wotsalira m'kati mwa batala ndi umene umavunda, osati mafutawo. Timibulu tija tikadali tating'ono, tithireni madzi ozizira kwambiri, ophitsa kale, mutakase ndi mthiko, mutsanule. Madzi oyamba amatuluka oyera ngati mkaka, achiwiri otuwa, ndipo mupitirize mpaka atatuluka ngati madzi akumwa, oonekera pansi. N'chifukwa chake sitidikira kuti batala aundane chimbulu chimodzi m'chigubu: chimbulu chachikulu chimatsekera mkaka m'kati momwe madzi safika.

Kenako muikeni m'mbale, mupendeketse, muzimukanikiza ndi mthiko wonyowetsedwa m'madzi ozizira, kupinda ndi kukanikizanso. Muona timadontho tikutuluka n'kutsetserekera kumunsi kwa mbale. Manja asagwire kwambiri, amasungunula. Mukanikize, musamapake mokhwekhwereza, chifukwa kutero kumamuchititsa kukhala wonata. Madontho akasiya, thirani mchere wosalala, magalamu 10 mpaka 20 pa kilo. Pa batala wathu wa magalamu 350, supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosadzaza mosefukira ndi yokwana. Ngati mchere ndi wamibulu, usinjeni kaye. Dulani ndi mpeni muone: ngati pa mpeni pakutuluka timadontho toyera ngati mkaka, simunamalize.

Batala wotsukidwa bwino, wa mchere, amakhala masabata 2 kapena 3 mu furiji, miyezi ingapo moundanitsa, ndi masiku ochepa chabe panja. Amene alibe furiji amusungunule. Ikani batala wopanda mchere mu poto pa moto wochepa wa makala. Ayamba kuchita thovu ndi kuthetheka pamene madzi akuuma. Kuthetheka kukaleka, mafuta n'kuyera mpaka kuona pansi pa poto, ndipo zotsikira pansi zasanduka zofiirira, phulani msanga zisanapserere, musefe pa nsalu, muthire m'botolo louma bwino. Magalamu 350 amatsala pafupifupi 280. Mafuta amenewa, amene Amwenye amati gii, amakhala miyezi ingapo pamthunzi bola muzitapa ndi supuni youma, ndipo supuni imodzi mu mpunga wa Kilombero kapena mu nyemba imamveka nyumba yonse.

Akakana kutuluka

Tinene kuti mayi wina ku Doroba wakankha chigubu kwa ola lathunthu m'mawa wa Julaye, ndipo akatsegula akungoona thovu lokhalokha lafika kukamwa. Apongozi ake akumuuza kuti, "Mwana wanga, wina waponda mkakawu, ingousiyani." Palibe amene waponda. Chambikocho chazizira kwambiri, mafuta auma moti sakumatirirana. Aimike chigubu m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10, akuchitembenuza, ayambirenso. Asathire madzi otentha m'kati, amasungunula mafuta malo amodzi. Ngati thovu ladzaza chigubu, apungule theka, akhutchumule kawiri.

Mu Novembala vuto limakhala lina. Batala amatuluka msanga, koma woyererako, wofewa, womata pakhoma, ndipo mkaka wotsala ukuoneka wonona. Apo kwatentha. Thirani madzi ozizira kwambiri kapena ayezi ngati alipo, musiye kanthawi, mumalize pang'onopang'ono. Palinso mkaka wa ng'ombe imene yatsala pang'ono kuuma, yakamidwa miyezi yambiri: timafuta take timakhala tating'ono ndipo timachedwa kugwirana, choncho ndi bwino kuusakaniza ndi wa ng'ombe ina. Za mtundu musadandaule nazo. Ng'ombe ikamadya msipu wauwisi wa dzinja batala amakhala wachikasu kwambiri, ikamadya mapesi ouma ndi madeya m'chilimwe amayererako, ndipo onsewo ndi abwino.

Mkaka wotsala

Choyamba dziwani kuti muli ndi uti. Wotsala pa chambiko kapena pa kirimu wosasitsa ndi wosasa, umakhala masiku 2 panja pozizira ndi pafupifupi sabata mu furiji. Wotsala pa kirimu wosasasa umakoma ngati mkaka wamba wopepuka, ndipo umawonongeka msanga ngati mkaka wamba. Umenewu muumwe, muuphikire phala tsiku lomwelo, kapena muuthire supuni ya chambiko usanduke wosasa. Madzi otsukira batala musawasakanize ndi mkaka umenewu, apite ku nkhumba.

Wosasawo ntchito yake yoyamba ndi yodziwika: kumwa, kapena kudyera nsima yotsala. Zomangathupi ndi zolimbitsa mafupa za mkaka zonse zili momwemo, chachoka ndi mafuta pamodzi ndi mavitamini amene amakhala m'mafutamo. Ana osukulu ndi akulu angamwe mmene angafunire, koma usalowe m'malo mwa bere kwa khanda, ndipo mwana wosakwana zaka 2 amafunika mkaka wa mafuta ake. Mukamagulitsa, nenani poyera kuti ndi chambiko chochotsedwa batala, mtengo n'kutsikako pang'ono. Makasitomala a mkaka amazindikira msanga, ndipo akaona ngati mwathira madzi sabweranso.

Pophika m'pamene umaonetsa mphamvu zake. Soda amafufumitsa bwino pokhapokha akakumana ndi chinthu chosasa, ndipo chigumu chimene chimamveka soda pakhosi, chachikasu moderako m'kati, ndi chimene soda anachuluka kuposa chosasitsa. Muyeso wake ndi theka la supuni yaing'ono ya soda pa kapu imodzi ya mkaka wosasa. Pa chigumu cha poto wapakati, tengani makapu 3 a mgaiwa, nthochi zakupsa 3 zokanya, shuga ndi mchere monga mukondera, supuni yaing'ono imodzi ya soda wosakaniza bwino mu ufa wouma, ndi makapu 2 a mkaka wotsalawu. Mukangosakaniza, mpweya umayamba kutuluka pompo, choncho makala akhale atayaka kale, pansi ndi pa chivundikiro, ndipo poto atapakidwa kale batala. Muyeso womwewu umagwira pa masikono ndi zitumbuwa. Wosasasa uja sungadzutse soda, umafuna bekingi paudala. Nkhuku yachikuda yolimba mukaiviika usiku mu mkaka wosasa wothira mchere ndi adyo, pamalo ozizira, imafewako ndithu musanaikazinge.

Sungani kapu imodzi kapena ziwiri zoyambitsira chambiko cha mawa. Ingoonetsetsani kuti mukaona chayamba kutuluka chonanda ngati thelere, chowawa, kapena cha fungo la mowa, mbewuyo yalowedwa ndi tizilombo tina, itayeni mukapemphe chambiko chabwino kwa mnansi.

Nanga malita 9 akachuluka, osamweka komanso osagulika? Anthu a ku Ethiopia, amene amakhutchumula mkaka wosasa wonse monga m'njira yoyamba ija, amapanga tchizi chofewa ndi chotsalacho, ndipo n'zotheka pa mbaula iliyonse. Ikani mkakawo mu poto pa moto wochepa kwambiri, osatakasa, mpaka utatentha moti chala sichingapirire nthawi yaitali, cha pa madigiri 50 mpaka 60. Usawire, ukawira mibulu imauma n'kukhala yotafuna movuta. Muona zoyera zikudzipatula n'kuyandama pa madzi obiriwira mwachikasu. Phulani, zizizire, mutsanulire pa nsalu, mumange, mupachike maola angapo zidonthe. Malita 8 kapena 9 amapereka pafupifupi kilo imodzi. Thirani mchere, ndipo mungasakanize ndi mpiru kapena chigwada chophika, kapena kupaka pa buledi ndi tsabola wa kambuzi pang'ono. Sichikhalitsa, masiku 2 kapena 3 popanda furiji.

Madzi otsala pa tchizi aja ndi a ziweto. Nkhumba zimawakonda mukakandira madeya, nkhuku nazonso, bola muzipatsa zoti zithe nthawi yomweyo ndi kutsuka chodyeramo, chifukwa madeya onyowa akagona amachita chuku. Thole la ng'ombe limene lapitirira mwezi ndipo layamba kudya lingathe kumwa mkaka wowengula kapena wotsala pa batala m'malo mwa wina wa mkaka wathunthu, koma musinthe pang'onopang'ono pa masiku angapo, muufunditse, ndipo mulionjezere chakudya chopatsa mphamvu popeza mafuta achoka. Likayamba kutsekula m'mimba, bwererani ku mkaka wathunthu ndipo muitane alangizi.

Mukaika zonsezi pamodzi, mlimi wopanda furiji amene ali ndi malita 5 mpaka 15 a madzulo apite ndi chigubu, chifukwa chimene chikanamuwonongera mkaka, kusasa, ndi chimene njirayo imagwiritsa ntchito, ndipo batala wakeyo amusungunule ngati sagulika sabata yomweyo. Amene ali ndi furiji ndipo akufuna batala wa pa buledi ndi mkaka wa tiyi awengule kirimu. Wa m'tauni wogula malita 2 asunge zikopa. Ndipo ngati mkaka wanu wonse, wa m'mawa ndi wa madzulo, ukugulika wauwisi pa mtengo wabwino, werengani kaye mtengo wa malita 27 muuyerekeze ndi wa kilo imodzi ya batala kuphatikiza malita 25 a chambiko chopepuka. Ngati chambikocho chilibe wogula kapena wokumwa, gulitsani mkakawo mmene ulili, batala muzipanga wa pakhomo pokha.